Idha ndi in: timawu tiwiri ta Chiarabu tosankha mneni

Wophunzira Chiarabu, kaya ku madarasa kaya payekha, amauzidwa msanga kuti idha ndi in onse amatsogolera chiganizo chonena kuti chinthu china chikachitika, chinanso chitsatira. Nzoona, koma timawu timeneti sitisinthanitsidwa mwachisawawa.

Kusiyana kumayambira m'maganizo mwa wolankhula. Idha ndi wa zimene akuyembekezera ndithu, pamene in ndi wa zimene zingachitike kapena ayi. Ndiye chifukwa chake Mwarabu amati "idha tala'ati sh-shamsu kharajnaa", dzuwa likatuluka tinyamuka, pakuti palibe wokayika zoti dzuwa lituluka. Nafenso timamva kusiyana pakati pa "akabwera" ndi "ngati abwera". M'nyuzi zamakono idha walowerera kwambiri malo a in, koma lamulo la mneni silinasinthe.

In amadula mneni kumapeto, ndipo mneni wodulidwayo aphunzitsi amamutcha majizumu. "Ukuphunzira" ndi tadrusu, "ukukhoza" ndi tanjahu. In akatsogola, u wakumapeto amagwa mbali zonse ziwiri: "in tadrus tanjah", ngati uphunzira ukhoza. Anthu akakhala ambiri, na wakumapeto ndiye amachoka, tadrusuuna nkukhala tadrusuu. In amalolanso mneni wa nthawi yakale, monga "in darasta najahta", ndipo tanthauzo limalozabe kutsogolo. Mmenemu ndi mmene alili mawu odziwika aja akuti in shaa Allah: shaa ndi wa nthawi yakale, koma tikunena za mawa.

Idha sadula mneni. Kawirikawiri amatsatidwa ndi mneni wa nthawi yakale, "idha darasta najahta". Wolemba "idha tadrus tanjah" wapatsa idha mphamvu yomwe alibe, ndipo akatswiri akale ankalola zimenezi m'ndakatulo mokha, pamene muyeso wa mzere wakakamiza.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi pokana. Amaona "idha lam tadrus", ukapanda kuphunzira, nkuganiza kuti idha ndiye wadula tadrusu. Ayi, wadula ndi lam, kamawu kokanira, ndipo kamachita zimenezi paliponse pamene kali. Choncho ukaona mneni wodulidwa, yang'ana kaye mawu amene ali pafupi naye.

Mbali yachiwiri ya chiganizo nayo ili ndi msampha wake. Ikayamba ndi dzina, ndi lamulo, kapena ndi timawu monga sa, lan ndi qad, pamafunika fa wolumikiza. Fa akangolowa, in salamuliranso mneni wa mbali imeneyo. Motero timati "in tadrus fa-satanjahu": tadrus ndi wodulidwabe, koma tanjahu wabwezeredwa u wake. Ine ndimaona kuti apa mpamene mphunzitsi ayenera kuchedwapo, chifukwa mwana amene waloweza kuti in amadula aneni awiri amafulumira kulemba fa-satanjah, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti watsatira lamulo.