Makilogalamu a chiyani? Samu ya feteleza yomwe imagwetsa ana ambiri

Mabuku a zaulimi ndi ochepa m'masukulu ambiri a sekondale, ndiye ana apeza njira yawo: mmodzi amajambula tsamba pa foni, chithunzicho n'kumayenda kuchoka pa foni ina kupita pa ina. Pofika kwa mkulu wake wa mwana kapena kwa amalume amene akupemphedwa kuthandiza, chimakhala chapendekeka, mbali ina mthunzi wa dzanja waphimba, kadontho ka pakati pa 0 ndi 4 sikakuoneka bwino. Mafunso amene amayenda kwambiri motere ndi a feteleza, ndipo ambiri amakhala a mtundu uwu:

Mlimi ali ndi munda wa chimanga wa mamita 80 mulitali ndi mamita 50 mulifupi. Chimangacho chikufuna makilogalamu 92 a nayitulojeni pa hekitala. Wathira kale feteleza wokulitsa wa 23:21:0+4S pa mlingo wa makilogalamu 100 pa hekitala. Kodi agule makilogalamu angati a yureya woti abereketse?

Musanagwire cholembera, kuzani chithunzicho ndipo mukopere nambala iliyonse pamodzi ndi mawu amene ayandikana nayo. Ana amathamangira kukopera 92, 100, 80 ndi 50, mawu aja n'kuwasiya ngati zinyalala. Koma samu yonse ili m'mawuwo. Mu funso limeneli muli makilogalamu a mitundu iwiri, ndipo kasokonezedwe konse kamayambira pamenepo. A 92 aja ndi a nayitulojeni, chakudya chenichenicho chimene mbewu imadya. A 100 ndi a feteleza, timibulu timene timatuluka m'thumba. Palibe sitolo imene mungagulemo nayitulojeni wosasakaniza. Amabwera ali m'kati mwa feteleza, ndipo nambala zolembedwa pa thumba zimanena kuti alimo wochuluka bwanji.

Nambala yoyamba pa thumba nthawi zonse ndi ya nayitulojeni. Choncho 23 ya pa 23:21:0+4S ikutanthauza kuti m'makilogalamu 100 a fetelezayo muli makilogalamu 23 a nayitulojeni. Feteleza wokulitsa amene wafala m'zaka zaposachedwa, wa 23:10:5+6S+1.0Zn, nayenso amayamba ndi 23, motero samuyi sisintha ngakhale buku lanu ndi lakale. Yureya ali ndi makilogalamu 46 pa 100 aliwonse.

Tiyambe ndi hekitala imodzi, za munda wa mlimiyo tidzaona pambuyo. Wokulitsa uja wapereka kale makilogalamu 23 a nayitulojeni. Pa 92 kuchotsapo 23 patsala 69, ndipo pamenepa mwana alembe mawu onse osachita ulesi: makilogalamu 69 a nayitulojeni pa hekitala. Funso tsopano ndi lakuti, ndi yureya wochuluka bwanji amene muli nayitulojeni wokwana 69? Poti yureya makilogalamu 100 amapereka 46, tichulukitse 69 ndi 100, kenako tigawe ndi 46.

```
69 kg N/ha × (100 kg yureya ÷ 46 kg N) = 150 kg yureya/ha
```

Taonani chimene chachitika ndi mawu aja. "kg N" ali pamwamba kumanzere, alinso pansi m'kati mwa mabulaketi, ndiye afafanizana, patsala makilogalamu a yureya pa hekitala, chomwe timafunacho. Mwana amene watembenuza, n'kuchulukitsa 69 ndi 46 kenako kugawa ndi 100, amapeza pafupifupi 32. Akanalemba mawu akanaona kuti palibe chafafanizika. Koma ngakhale popanda zimenezo, nzeru wamba ikukana yankho limeneli: nayitulojeni ali m'kati mwa yureya monga momwe chimanga chilili m'kati mwa chitsononkho ndi makoko ake, ndiye chonsecho sichingapepuke kuposa za m'kati mwake. Kulemera kwa feteleza kuyenera kuposa kwa nayitulojeni nthawi zonse. Yureya ali ndi nayitulojeni wochepera pang'ono theka, choncho yankho liyenera kupitirira pang'ono 69 kuwirikiza kawiri, ndipo 150 ikugwirizana nazo.

Za munda n'zosavuta. Mamita 80 kuchulukitsa ndi mamita 50 ndi masikweya mita 4,000. Hekitala ndi malo a mamita 100 mbali iyi ndi 100 mbali inayo, omwe ndi masikweya mita 10,000. Tikagawa 4,000 ndi 10,000 tipeza 0.4.

```
150 kg/ha × 0.4 ha = 60 kg
```

Hekitala yafafanizika, yankho ndi makilogalamu 60 a yureya. Wokulitsa amene anathira kale anali makilogalamu 40, mwa njira yomweyo.

Mayankho olakwika amadziulula okha mukadziwa kumene amachokera. Mukaona 27.6, dziwani kuti mwana wachulukitsa 69 ndi 0.4 n'kuimira pomwepo. Wapeza nayitulojeni wa munda wonse, koma wamutcha yureya. Mlimi atatsatira zimenezo athira zosakwana theka la zofunika, ndipo masamba a m'munsi a chimanga ayamba chikasu kuchokera kunsonga. Mukaona 80, waiwala kuchotsa 23 wa feteleza wokulitsa. Mukaona 600, mwina akuganiza kuti hekitala ndi masikweya mita 1,000, kapena funso linapereka 0.4 koma kadontho kanasowa pa chithunzi. Matumba 12 a yureya pa kamunda ka mamita 80 ndi 50! Aliyense amene anagwirapo khasu aseka.

Mabuku ena amawonjezera kuti, "matumba angati?" Thumba ndi makilogalamu 50, ndiye 60 kugawa ndi 50 ndi 1.2. Pa mayeso lembani 1.2, muwonjezere kuti mlimi agula matumba awiri ngati sitolo siphwanya thumba. Kumsika ambiri angagule limodzi ndi makilogalamu 10 a pa sikelo.

Koma kumudzi munthu sanena za hekitala, amanena za ekala, ndipo apa ndi pamene samu ya m'buku imakumana ndi munda weniweni. Ekala ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, kutanthauza kuti munda wa mu funso lathu ndi ekala imodzi kungoperewera pang'ono. Hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Amene wamva "matumba atatu a yureya pa hekitala" n'kukawathira pa ekala wawononga ndalama, popeza wathira kuwirikiza kawiri ndi theka. Nanga chizolowezi chija cha thumba limodzi lokulitsa ndi limodzi lobereketsa pa ekala? Tichiyese: lokulitsa lipereka makilogalamu 11.5 a nayitulojeni, la yureya lipereka 23, pamodzi 34.5. Tikagawa ndi 0.4 tipeza pafupifupi 86 pa hekitala, kufupi ndithu ndi 92 wa m'buku. Alimi sanasochere kwenikweni, bola ekalayo ikhale ekala. Vuto n'lakuti minda yambiri inayezedwa ndi maso, ndipo imene imatchedwa ekala ina ndi yaikulu kuposa pamenepo.

Chimene ndimaona kuti mabuku amachisiyira panjira ndi funso la mlimi amene waima pa mzere: phando limodzi lilandire wochuluka bwanji? Pa kabzalidwe ka Sasakawa mizere imatalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Muwasandutse mamita musanachulukitse: 0.75 kuchulukitsa ndi 0.25 ndi masikweya mita 0.1875 pa phando. Munda wa masikweya mita 4,000 ukhala ndi mapando pafupifupi 21,300. Makilogalamu 60 ndi magalamu 60,000, ndipo tikagawira mapando onsewo, lililonse lipeza magalamu pafupifupi 2.8. Ndi pang'ono kwambiri, sikufika ngakhale kasupuni ka tiyi. Wothira ndi dzanja akangopitiriza galamu imodzi pa phando lililonse, makilogalamu 60 aja atha asanafike pa mizere yomaliza, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a munda litsala lopanda yureya.