Zimene sikirinishoti yanu imaulula musanalankhule

Pa gulu la WhatsApp masiku ano mkangano suthera pa mawu. Wina akangonena kuti "sindinanene zimenezo", mnzake amaponya sikirinishoti, basi nkhani yatha. Timajambula uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba posonyeza kuti talipira lendi, macheza a chibwenzi pofuna uphungu kwa mnzathu, ngakhale chilengezo cha ntchito choti titumizire mng'ono wathu. Ambirife timaona ngati chimene tatumiza ndi chithunzi chokha. Koma sikirinishoti ndi fayilo, ndipo fayilo imakhala ndi dzina komanso timawu tobisika tofotokoza za iyo mwini. Akatswiri amati timawu timeneti ndi metadata.

Pa ntchito yanga yolemba ndimalandira masikirinishoti ambiri, ndipo ndisanagwiritse ntchito iliyonse ndimayamba ndasuzumira mkati mwake. Kawirikawiri wotumizayo amakhala wandiuza zambiri kuposa zimene amafuna kundiuza.

Tiyambe ndi nkhani ya malo, chifukwa ndi imene anthu amaiopa kwambiri. Chithunzi chojambula ndi kamera ya foni n'chosiyana ndi sikirinishoti. Kamera imalemba m'chithunzi mtundu wa foni, tsiku ndi nthawi, ndipo ngati munailola kugwiritsa ntchito GPS imalembanso manambala osonyeza pamalo penipeni pamene munaima. Zimenezi zimasungidwa m'kagawo ka fayilo kotchedwa EXIF. Mu Disembala 2012, John McAfee, munthu amene anayambitsa kampani yodziwika ya mapulogalamu oteteza makompyuta, anali kuthawa apolisi a dziko la Belize. Atolankhani a magazini ya Vice amene anali naye limodzi anaika chithunzi chake pa intaneti, chojambulidwa ndi iPhone, osachotsa manambala a GPS. Anthu atatsegula fayiloyo anaona kuti ali ku Guatemala, ndipo patangopita masiku ochepa anamangidwa komweko.

Sikirinishoti siidutsa mu kamera. Foni imangokopera zimene zili pa sikirini, choncho nthawi zambiri manambala a GPS sakhalamo. Malo anu amaululika kudzera m'njira zina: kadontho ka buluu pa mapu, dzina la tauni pa kachidutswa kosonyeza zanyengo, kapena dzina la Wi-Fi ya pa loji kapena ku ofesi. Vuto lina n'lakuti anthu ambiri amatchula sikirinishoti pomwe ajambula sikirini ya laputopu kapena ya foni ina ndi kamera. Chimenecho ndi chithunzi cha kamera, ndipo chingathe kunyamula malo anu onse.

Nanga m'sikirinishoti yeniyeni muli chiyani? Tiyerekeze kuti mtsikana wina amagwira ntchito pa shopu ina mu Limbe. Abwana alemba pa gulu la antchito kuti aliyense wodandaula za malipiro ochedwa achotsedwa ntchito. Iye wajambula uthengawo pa foni yake ya Samsung, ndipo akufuna kuutumiza kwa munthu amene angathandize popanda abwanawo kudziwa kuti watulutsa ndani. Fayilo yake ili ndi dzina lotere:

```
Screenshot_20240314_214507_WhatsApp.jpg
```

Dzina lokhali lanena kale zinthu zitatu. Manambala oyamba ndi tsiku, 14 Malichi 2024. Otsatirawo ndi nthawi, 21:45 ndi masekondi 7. Mawu omaliza ndi pulogalamu imene inali yotsegula. Kalembedwe ka dzinali kakuululanso mtundu wa foni, popeza kampani iliyonse ili ndi kachitidwe kake. Mafoni a Xiaomi amalekanitsa chaka, mwezi ndi tsiku ndi timizere, pomwe iPhone imangolemba `IMG_` kenako manambala anayi.

Mkati mwa fayilo, mafoni ambiri a Android amalembanso nthawi yomweyo, ena n'kuwonjezera `+02:00`, kusonyeza kuti wotchi ya foniyo ikutsatira nthawi ya kuno kwathu. Ena amalemba nambala ya pulogalamu yoyendetsa foni, ndipo pa mafoni ena nambala imeneyi imakhala ndi chizindikiro cha mtundu weniweni wa foniyo. Ngakhale zonsezi zitasowa, kukula kwa chithunzi kumaloza. Sikirinishoti ya 1170 x 2532 imafanana ndi sikirini ya iPhone 12, 13 kapena 14, pomwe 720 x 1600 ndi ya mafoni ambiri a Android otsikirapo mtengo.

Mwina mukuti, nanga zimenezi zavuta pati, poti dzina lake mulibe? Pa gulupo pali anthu khumi ndi awiri. Abwana akaipeza fayiloyo, sakufufuza m'dziko lonse, akufufuza mwa anthu khumi ndi awiri. Mwa iwo, a Samsung alipo atatu. Mwa atatuwo, amene anali atawerenga kale uthengawo pofika 21:45 ndi awiri, ndipo WhatsApp imamuonetsa wolemba uthenga nthawi imene aliyense anauwerenga akatsegula `Info`. Pamwamba pa chithunzi pakuoneka zizindikiro za masimu awiri, ndipo mwa awiriwo mmodzi yekha ndiye amayenda ndi TNM ndi Airtel m'foni imodzi. Palibe luso la ukatswiri limene lafunika apa, kungophatikiza tizidutswa.

Ndipo nthawi zina chomugwiritsa munthu chimakhala poyera penipeni. Pa WhatsApp, mauthenga a mwini foni amakhala kudzanja lamanja, a anthu ena kumanzere. Ngati mtsikanayu anayankhapo "chabwino bwana" ndipo mawuwo akuoneka kumanja m'chithunzicho, aliyense wa pa gulupo angoyang'ana pa foni yake n'kuona amene analemba mawuwo. Kuchotsa metadata kulibe phindu ngati zooneka ndi maso zatsala.

Chimene chimasankha ngati zobisikazi zifike kwa wolandira ndi njira yotumizira. Mukatumiza pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, pulogalamuyo imachipanikiza kuti chichepe, n'kupanga fayilo yatsopano yopanda dzina lakale ndi zolembedwa za mkati zija. Koma ambiri tinaphunzira kutumiza ngati `Document` kuti chithunzi chisafufutike, ndipo njira imeneyi imapereka fayilo yonse monga ilili, dzina ndi zamkati zomwe. N'chimodzimodzi ndi imelo, Google Drive, Bluetooth, Xender komanso kukopera pa fulashi.

Kuti muone zimene fayilo yanu yanyamula, tsegulani chithunzicho m'galare ya foni, dinani timadontho titatu, sankhani `Details`. Pa iPhone dinani kachizindikiro ka `i`. Muona dzina la fayilo, tsiku, kukula kwake, ndipo ngati muli GPS paoneka mapu kapena dzina la malo. Dziwani kuti galare imaonetsa zochepa chabe. Amene ali ndi kompyuta angathe kuona zonse ndi pulogalamu yaulere ya ExifTool. Lamulo loyamba m'munsimu limaonetsa zimene zilimo, lachiwiri limazichotsa:

```
exiftool chithunzi.jpg
exiftool -all= chithunzi.jpg
```

Lamulo lachiwirili limasiya fayilo yakale pambali, dzina lake litawonjezeredwa `_original`, ndiye samalani kuti musatumize imeneyo. Pa Windows mungathenso kudina fayilo ndi batani lakumanja, kusankha `Properties`, kenako `Details`, kenako `Remove Properties and Personal Information`. Pa iPhone, potumiza chithunzi cha kamera, dinani `Options` n'kuzimitsa `Location`.

Mtsikana wathu uja, amene ali ndi foni yokha, angachite zinthu zinayi. Adule chithunzicho kuti mzere wapamwamba wosonyeza nthawi, netiweki ndi batire uchoke, pamodzi ndi mauthenga ake a kumanja. Aphimbe mayina ndi manambala a anzake ndi mtundu wakuda wokhuthala. Cholembera chonga maka yowalitsira mawu sichiyenera, chifukwa munthu akakweza kuwala kwa chithunzi zilembo zimatha kuonekera pansi pake. Kenako atumize ngati chithunzi wamba, osati `Document`. Ngati akuyenera kutumiza pa imelo, ayambe wadzitumizira yekha pa WhatsApp, atenge kope latsopanolo, alisinthe dzina, n'kuyang'ananso pa `Details` asanalitumize.

Pa kudulako pali phunziro lina. Mu Malichi 2023, ofufuza awiri, Simon Aarons ndi David Buchanan, anaonetsa kuti chida chodulira masikirinishoti cha Markup pa mafoni a Google Pixel chinkalemba chithunzi chodulidwa pamwamba pa chakale osafufuta zotsala kumapeto kwa fayilo. Mbali imene munthu ankaganiza kuti waidula inkatha kubwezeretsedwa. Posakhalitsa vuto lofanana linapezeka pa Snipping Tool ya Windows 11. Google ndi Microsoft anakonza zida zawo, koma mafayilo amene anali atatumizidwa kale sanakonzeke nawo. N'chifukwa chake ine, pa chinthu chachinsinsi, ndikadula ndi kuphimba ndimatsegula chithunzicho n'kuchijambulanso sikirinishoti. Fayilo yatsopanoyo imangokhala ndi zimene maso akuona, ngakhale kuti imalandira dzina ndi nthawi yakeyake, zimene zimafunanso kuchotsedwa.

Sikuti nthawi zonse tizichotsa. Chotsani pamene chithunzi chikupita kwa anthu osawadziwa: pogulitsa katundu pa intaneti, poulula zachinyengo, kapena pamene mukubisala kwa munthu wokuchitirani nkhanza. Koma ngati sikirinishotiyo ndi umboni, musaikhudze. Lamulo la dziko lino la mu 2016 lokhudza zochitika pa intaneti limaletsa kuzunza ndi kuopseza anthu kudzera pa foni kapena kompyuta, ndipo limalola mauthenga a pa zipangizozi kukhala umboni. Wina akamakuopsezani, jambulani nambala yake ndi tsiku zikuoneka, sungani fayilo yoyambirira osaidula kapena kuisintha dzina, ndipo musafufute macheza enieniwo m'foni. Mukafuna kuonetsa mnzanu kapena achemwali anu, pangani kope n'kuyeretsa kopelo.

Komanso musamakhulupirire kwambiri nthawi yolembedwa m'fayilo ya munthu wina. Imangosonyeza zimene wotchi ya foni inkanena pamene ankajambula, osati pamene uthenga unatumizidwa, ndipo wotchi ya foni aliyense angathe kuibweza m'mbuyo. Dzina la fayilo nalo limasinthika m'masekondi ochepa. Choncho kasitomala akakutumizirani sikirinishoti yoti walipira, ngakhale tsiku ndi nthawi zikugwirizana, musapereke katundu mpaka mutayang'ana nokha mu akaunti yanu kuti ndalamazo zalowadi.