Penshoni ya ku Joni Banja Likatha

Banja likatha, anthu amakumbukira msanga nyumba, galimoto ndi katundu wa m'nyumba chifukwa ndi zooneka ndi maso. Koma kwa munthu amene wagwira ntchito yolembedwa kwa zaka zambiri, chuma chachikulu nthawi zina chimakhala ku thumba la penshoni. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito ndi kumanga mabanja, ndalama zimenezi zimagawidwa pothetsa ukwati, ndipo amene sakudziwa dongosolo lake amaluza zambiri.

Maziko a nkhaniyi ndi gawo 7 la lamulo la Divorce Act la 1979. Kuyambira mu 1989, lamuloli limawerengera penshoni ya mwamuna kapena mkazi ngati chuma chake, ngakhale asanafike popuma ntchito. Chimene chimawerengedwa si ndalama zimene adzalandire atakalamba ayi, koma zimene zili m'dzina lake ku thumbalo pa tsiku limene khoti lathetsa ukwati. Zimene adzasonkhe pambuyo pa tsikulo ndi zake yekha.

Kuti winayo apeze zingati, zimadalira mtundu wa ukwati. Anthu amene anakwatirana ku South Africa osasainirana pangano lililonse la chuma ukwati usanachitike amakhala ndi chuma chimodzi, ndipo banja likatha amagawana pakati. Penshoni yonse imalowamo, ngakhale gawo limene munthu anasonkha ali mbeta. Ukwati wa mwambo wa mkazi mmodzi umaonedwanso chimodzimodzi. Amene anasainirana pangano loti aliyense asunge chake koma adzagawane zimene zawonjezereka m'banja, penshoni imalowa m'masamu a zowonjezerekazo. Amene anakwatirana kuyambira pa 1 Novembala 1984 n'kukaniratu kugawana kulikonse m'pangano lawo, gawo ili la lamulo linalembedwa mosawakhudza. Ongolowana popanda ukwati uliwonse alibe chowateteza pano, ngakhale atakhala limodzi zaka makumi awiri n'kubereka ana. Nalo banja limene linamangidwa ku Mzimba kapena ku Mangochi n'kusamukira ku Joni pambuyo pake lisathamangire kuganiza zogawana pakati, chifukwa khoti limayamba laona kuti chuma cha ukwatiwo chili pansi pa malamulo a dziko liti.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Mwamuna ndi dalaivala wa galimoto zikuluzikulu ku Johannesburg, ndipo ku thumba lake kuli R800,000. Mkazi amagulitsa m'sitolo ndipo ku thumba lake kuli R100,000. Anakwatirana ku Joni komweko popanda pangano. Mkazi ayenera kulandira R400,000 kuchokera ku thumba la mwamuna, nayenso mwamuna ayenera R50,000 kuchokera ku thumba la mkazi. Ambiri amaiwala mbali yachiwiriyi, poganiza kuti penshoni yogawidwa ndi ya bambo yokha.

Kale mkazi ameneyu akanadikira mpaka mwamunayo atapuma kapena atasiya ntchito, mwina zaka khumi ndi zisanu, gawo lake lili chikhalire osabereka phindu. Kuyambira mu Sepitembala 2007, lamulo la Pension Funds Act linasintha moti thumba limalipira banja likangotha, aliyense n'kuyenda njira yake. Thumba likalandira chigamulo cha khoti limakhala ndi masiku 45 oti lifunse mkaziyo chimene akufuna: kulandira ndalamazo m'manja kapena kuzisamutsira ku thumba lina la penshoni m'dzina lake. Iye ali ndi masiku 120 oti asankhe, ndipo akasankha, thumba liyenera kulipira pasanathe masiku 60. Akakhala chete, thumba limangomupatsa ndalamazo m'manja.

Kusankhaku n'kofunika kukuganizira mofatsa chifukwa cha msonkho, umene amalipira ndi wolandirayo, osati mwini penshoni. Malinga ndi mitengo imene inayamba mu Malichi 2023, R27,500 yoyamba ilibe msonkho, ndipo zotsatira mpaka R726,000 zimadulidwa 18 peresenti. Pa R400,000 ija, ngati mkaziyo sanatapepo ndalama za penshoni m'mbuyomo, msonkho ndi R67,050, ndipo amatsala ndi R332,950. Akasamutsira ku thumba lina, palibe chodulidwa pa nthawiyo. Mayi amene watsala ndi ana ndi lendi yoti alipire sangadzudzulidwe potenga ndalama m'manja, koma ayenera kuzitenga akudziwa kuti pafupifupi R1 pa R6 iliyonse yapita ku boma.

Msonkho womwewu ndi umene umasokoneza masamu a anthu amene amasinthanitsa: wina atenge nyumba, wina asunge penshoni yake yonse. Nyumba ya R800,000 yopanda ngongole si yofanana ndi penshoni ya R800,000. Penshoniyo sinadulidwe msonkho, choncho mtengo wake weniweni ndi wocheperapo. Koma nayo nyumba imadya ndalama za khonsolo ndi zokonzetsera, ndipo siidzalipira munthu mwezi ndi mwezi akadzakalamba.

Pamene zinthu zimalakwika kwambiri ndi pa mawu a chigamulo. Thumba la penshoni silikhala nawo m'khoti, ndipo limangochita zimene zalembedwa. Chigamulo chiyenera kutchula thumbalo moti lidziwike bwino, chinene kuchuluka kwa gawo la winayo, kaya ndi peresenti kaya ndi ndalama, komanso chilamule thumbalo kuti lilipire. Mapangano ambiri olembedwa mothamanga amangoti mkazi adzalandira theka la penshoni ya mwamuna, kapena amatchula dzina la kampani imene mwamuna amagwirako ntchito, kapena la kampani ya inshuwalansi imene imayendetsa matumba ambirimbiri. Thumba likalandira pepala lotere limalibweza, ndipo munthu amabwereranso kukhoti kukakonzetsa, kulipiranso loya kachiwiri. Njira yozindikirira vutoli msanga ndi yophweka: kuyerekeza dzina la thumba limene lili m'pangano ndi limene lili pa sitetimenti ya penshoni ya chaka ndi chaka, ndiponso kutumiza mawuwo ku thumbalo kuti liwaone asanaperekedwe kwa woweruza. Mu 2016, pa mlandu wa Ndaba, khoti la apilo linagamula kuti penshoni ndi gawo la chuma cha banja ngakhale itaiwalika m'chigamulo. Zimenezi zimateteza ufulu wa munthu, koma sizichititsa thumba kulipira popanda chigamulo cholitchula.

Vuto lina ndi la nthawi. Mwini penshoni akasiya ntchito n'kutenga ndalama zake ukwati usanathe, ndalama zimene watengazo sizikhalanso ku thumba kuti khoti lizigawe. Ndalamazo zimasanduka chuma wamba cha m'banja, chimene chingathe kudyedwa kapena kutumizidwa kumudzi mlandu uli mkati. Amene akukayikira zotere angapemphe khoti kuti liletse thumba kulipira mpaka mlandu utatha. Kuyambira pa 1 Sepitembala 2024, pamene ogwira ntchito anayamba kuloledwa kutapako gawo lina la penshoni kamodzi pa chaka cha msonkho, kudziwitsa thumba mwa kalata kuti mlandu wothetsa ukwati wayamba kwakhala kofunika kwambiri, chifukwa likadziwitsidwa sililola kutapako popanda chilolezo cha winayo.

Thumba likakana kapena likachedwa kulipira chigamulo chili cholembedwa bwino, dandaulo limapita ku ofesi ya Pension Funds Adjudicator, imene imamva madandaulo oterewa mwaulere. Wodandaula amayamba walembera thumbalo, ndipo likapanda kuyankha pasanathe masiku 30, kapena yankho likakhala losamukhutiritsa, amatengera nkhaniyo ku ofesiyo pamodzi ndi chigamulo cha khoti ndi makalata onse amene analemberana.