Mwamuna kapena mkazi akamagwirizana kwambiri ndi mnzake wa kuntchito

Nsanje yobwera chifukwa cha mnzake wa kuntchito imavuta chifukwa munthu wokayikiridwayo sangachotsedwe. Mwamuna kapena mkazi wolembedwa ntchito amakhala ndi anzakewo maola asanu ndi atatu kapena kuposa pa tsiku, amadya nawo nkhomaliro, amapsa nawo mtima bwana akawakalipira, mwinanso amagona nawo malo ogona amodzi kukakhala msonkhano ku Mangochi kapena ku Salima. Wotsala pakhomo amangomva dzina. Zimene sakuziona amazilenga mumtima, ndipo zolengazo kawirikawiri zimaipa kuposa zenizeni.

Kuyandikana pakokha si umboni wa chibwenzi. Katswiri wa zamaganizo wa ku Amereka, Shirley Glass, m'buku lake la mu 2003 anafotokoza kuti ubwenzi umafika poopsa pakakhala kubisa, kuululirana zakukhosi kuposa mmene munthu amachitira ndi wapabanja wake, komanso chilakolako. Anayerekeza ndi khoma ndi zenera: banja labwino limatsegulirana zenera n'kumangira khoma akunja, pamene banja limene likugwedezeka limatsegulira zenera wakunja, khoma n'kumera pakati pa eniake. Pa zizindikirozi, kubisa ndiko kumaoneka msanga, ndipo ndiko wansanje ayenera kuyang'ana.

Chitsanzo ndi cha mayi amene ndi namwino wogwira ntchito usiku, ndipo dokotala mnzake amamutula pakhomo ndi galimoto m'mawa. Mwamuna wake mtima sukhala pansi. Ngati mayiyo amamutchula dokotalayo momasuka, amayankha foni yake ali pabalaza pamaso pa onse, ndipo tsiku lina anamulowetsa m'nyumba kuti alonjerane ndi bambowo, palibe chabisika. Nsanjeyo gwero lake lili kwina: mwina bamboyo anapusitsidwapo kale, mwina ntchito inamuthera ndipo akudziona wochepa pamaso pa munthu wa galimoto. Koma ngati dzina lija linasiya kutchulidwa mwadzidzidzi, foni ikugona chafufumimba, mauthenga a pa WhatsApp akufufutidwa, mayi akutsikira pakona kuti galimoto isaoneke, ndiponso dokotala akudziwa za mkangano wa fizi ya ana umene unachitikira kuchipinda, nkhawayo ili ndi maziko, ngakhale awiriwo asanagwiranepo dzanja.

Nkhani yotere imayambidwa mtima utazizira, ana atagona, osati pakhomo munthu akungofika wotopa. Mawu oti "Mukuyenda naye ameneyu, ndikudziwa" amachititsa woimbidwa mlandu kudziteteza, ndipo mawa lake amabisa ngakhale zosalakwika. Bambo uja angachite bwino kunena chimene waona ndi mmene chamukhudzira: "Mayi, Lachiwiri munatuluka panja kukayankha foni ya adokotala. Zinandipweteka. Tandiuzani, zikukhala bwanji?" Kenako apemphe zinthu zotheka kuchitika ndi kuoneka, monga kudziwana ndi mnzakeyo, kusatumizirana mauthenga usiku kupatula za odwala, ndi kusatulutsa za m'nyumba. Malire amenewa amange onse awiri, chifukwa lamulo logwira mmodzi yekha limasanduka chilango. Kulamula kuti asiye ntchito kapena asamalankhulane n'komwe sikuthandiza: anthu osinthana odwala sangakhale osayankhulana, ndipo malipiro akatha banja lonse limavutika.

Mayankho a wofunsidwayo amaulula zambiri. Wosalakwa akhoza kukhumudwa poyamba, koma amafotokoza ndipo savutika kusinthako pang'ono. Amene amangoti "mwapenga inu" n'kupitiriza kubisa, wasankha kuteteza ubwenziwo m'malo mwa mtendere wa mnzake.

Wansanje nayenso ali ndi malire ake. Kufufuza foni mobisa kumatonthoza mtima kwa kanthawi, kenako chikayiko chimabwerera chitakula, poti foni yoyera imangoyambitsa ganizo loti zafufutidwa. Kutulukira kuntchito mosayembekezereka kapena kutukwana mnzakeyo kumachotsa ulemu wa onse atatu. Zikafika poopseza, kulanda malipiro, kutsekera m'nyumba kapena kumenya, imeneyo ndi nkhanza. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la mu 2006 ku Malawi limawerengeranso nkhanza zozunza maganizo, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa.

Awiriwo akalephera kumvana, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndiwo oyamba kuitanidwa, kapena alangizi a mabanja a kutchalitchi kapena kumzikiti, osati magulu a pa foni kapena anzawo a kuntchito konko. Ngati nsanjeyo siitha ngakhale zonse zili poyera, ndipo imangosamukira kwa munthu wina aliyense amene wayandikira, wofunika thandizo ndi mwini nsanjeyo, ndipo mlangizi wa zamaganizo ndiye angamuthandize kupeza pamene mantha akewo anayambira.