"Yandithina!": Tchati cha Masaizi Chothetsa Madandaulo kwa Telala

Diresi yasokedwa bwino, misoko ili yowongoka, koma mwini wake akulephera kutseka zipi. Kawirikawiri vuto lotere limakhala litayamba kale, pa tsiku loyeza, makamaka masiku ano pamene makasitomala ambiri amadziyeza okha n'kutumiza manambala pa foni.

Choyamba chimene tchati chiyenera kunena n'chakuti manambala ake ndi a thupi kapena a chovala. Ziwirizi n'zosiyana. Nsalu ya chitenje sitamuka, choncho diresi iyenera kuposa thupi kuti munthu apume ndi kukhala pansi. Matelala ambiri amawonjezera masentimita pafupifupi 5 pachifuwa ndi pamahipi, ndi 2 kapena 3 m'chiuno. Lembani pamwamba pa tchati kuti: "Iyi ndi miyeso ya thupi. Musawonjezere kanthu, mpata tiika tokha." Mukapanda kutero, kasitomala amawonjezera wake, inunso wanu, diresi n'kukhwepa ngati yobwereka.

Chachiwiri ndi malo oika tepi. Mawu akuti "m'chiuno" amasokoneza, chifukwa wina amayeza pamchombo, wina m'munsi pamene pamakhala lamba wa thalauza. Muuzeni amange kachingwe pamimba n'kupendekera kumbali. Pamene kakhazikika, pamwamba pang'ono pa mchombo, ndiye poyeza. Chifuwa ndi mahipi ayeze pamene patukuka kwambiri, ataima chilili, miyendo ili pamodzi, osakoka mimba. Tepi ikhudze thupi koma isalowe m'mnofu, ndipo kumsana isagwe. Jambulani kachithunzi kosonyeza mizere itatuyi. Nenaninso mbali ya tepi yowerenga, pakuti inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Munthu wamkulu akatumiza chifuwa cha 38, dziwani kuti wawerenga mainchesi.

Manambala a tchati atengeni m'buku lanu la miyeso ya makasitomala akale, ndipo saizi iliyonse ikhale ndi poyambira ndi pothera. Tiyerekeze kuti M ndi chifuwa 92 mpaka 96, chiuno 74 mpaka 78, mahipi 98 mpaka 102, pamene L ndi 97 mpaka 101, 79 mpaka 83, ndi 103 mpaka 107.

Mayi wina watumiza chifuwa 95, chiuno 77, mahipi 106. Kumtunda ndi M, kumunsi ndi L. Akangoitanitsa M, diresi yosokedwa 107 pamahipi imusiyira sentimita imodzi yokha, ndipo msoko udzalira akadzakhala pa benchi kutchalitchi. Tchati chimuuze kuti asankhe saizi potsata muyeso waukulu ndi kutumiza manambala onse atatu. Telala adula L, n'kubweza pachifuwa ndi m'chiuno. Kuchepetsa chovala n'kosavuta, koma nsalu yodulidwa kale simera.

Chovala chilichonse chikabwezedwa, lembani malo amene chathina kapena kukhwepa. Anthu angapo a saizi imodzi akadandaula za m'khwapa, musawadzudzule kuti sadziwa kuyeza: konzani patani ya saiziyo.