Lipoti la malonda a pamwezi pa imelo: zithunzi ziwiri ndi mawu ochepa

Dashibodi ya malonda ndi tsamba la pakompyuta lomwe limasonkhanitsa ziwerengero za zomwe kampani yagulitsa n'kuzionetsa m'magirafu ndi m'timabokosi ta manambala. Makampani ambiri amaipanga mu Power BI, Tableau kapena Excel, ndipo imakoka ziwerengerozo kuchokera m'mainvoisi omwe a ku akaunti amalowetsa tsiku ndi tsiku. Mwezi ukatha, wogwira ntchito ku dipatimenti ya malonda amajambula mbali zina za tsambali, zithunzi zomwe m'maofesi amazitcha masikirinishoti, n'kuziika mu imelo yaifupi yopita kwa manijala. Ntchitoyi imaoneka ngati ya mphindi zisanu. Vuto lake ndi loti dashibodi ndi chinthu chamoyo chomwe munthu atha kudina, kusintha masiku kapena kutsegula mzere wobisika, pomwe chithunzi n'chouma. Zonse zomwe wojambula ankadziwa pa nthawi yojambulayo zimatsala pakompyuta pake, ndipo manijala amalandira mitundu ndi manambala basi. Zotsalirazo ndiye ziyenera kulowa m'mawu a imelo.

Kuti nkhaniyi ioneke bwino, tiyerekeze kampani yopikulitsa mafuta ophikira, shuga ndi sopo, yomwe ili ndi madepoti atatu ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo imagulitsa Lolemba mpaka Loweruka. Manambala onse a kampaniyi ndi ongoyerekeza. Lipoti ndi la Febuluwale 2025, ndipo likulembedwa Lachiwiri pa 4 Malichi popeza pa 3 linali tchuthi chokumbukira omwe anafera dziko.

Asanajambule chilichonse, wolemba amayang'ana zinthu ziwiri. Choyamba ndi nthawi yomwe dashibodi inakoka ziwerengero komaliza. Madashibodi ambiri sasintha pompopompo. Amakoka pa maola oikika, ndipo nthawi zina kukokako kumalephera osadziwitsa aliyense. Ngati inakoka komaliza Lachisanu masana pa 28 Febuluwale, mainvoisi a madzulo a tsikulo, ndi omwe a ku depoti analowetsa mochedwa, mulibemo. Kumapeto kwa mwezi ndi pomwe ogulitsa amathamangitsa maoda kuti akwanitse chiwerengero chomwe anapatsidwa, choncho maola ochepawo atha kukhala ndi ndalama zambiri ndithu. Chachiwiri ndi masefa, kutanthauza zosankha zomwe zimachititsa tsamba kuonetsa dera limodzi, katundu wamtundu umodzi kapena masiku ena okha. Power BI imatha kukumbukira sefa yomwe munthu anasiya ulendo watha. Amene sabata yatha amafufuza za shuga yekha, lero atha kujambula girafu ya shuga akuganiza kuti ndi ya katundu yense. Batani la `Reset to default` limabweza tsamba momwe analikonzera mwini wake. Njira yachidule yodzitsimikizira ndi kufunsa a ku akaunti nambala imodzi, ndalama zonse za mainvoisi a mweziwo, n'kuiyerekeza ndi ya padashibodi. Zikasiyana, kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti ina ili ndi msonkho wa VAT pomwe inayo ilibe, kapena ina yachotsa kale katundu wobwezedwa.

Zikagwirizana, mpamene kuwerenga kwenikweni kumayamba. Mu chitsanzochi, dashibodi ikuonetsa K244.8 miliyoni ya Febuluwale ndi K250 miliyoni ya Januwale, ndipo pambali pali kamuvi kofiira kolozera pansi: malonda atsika ndi 2.1 peresenti. Wolemba wofulumira amajambula pomwepa n'kutumiza, ndipo manijala amauyamba mwezi ndi nkhawa yolakwika. Januwale 2025 anali ndi masiku 25 ogulitsa, tikachotsa Masande anayi, tchuthi cha pa 1 ndi cha Chilembwe pa 15. Febuluwale anali ndi masiku 24. Kugawa ndalama ndi masiku kukupereka K10 miliyoni patsiku mu Januwale ndi K10.2 miliyoni patsiku mu Febuluwale. Malonda a patsiku akwera ndi 2 peresenti. Kamuvi kofiira kaja sikakunama, koma kakuyankha funso lina.

Nkhani yeniyeni ili patsamba lachiwiri, lomwe limagawa ndalama potengera madepoti. Blantyre yachoka pa K108 miliyoni kufika pa K110 miliyoni, Lilongwe pa K95 miliyoni kufika pa K96.8 miliyoni, koma Mzuzu yagwa kuchoka pa K47 miliyoni kufika pa K38 miliyoni. Kugwa kwa K9 miliyoni kumeneku, pafupifupi 19 peresenti, kunabisika m'chiwerengero cha kampani yonse chifukwa madepoti awiri aja anakwirira mbali ina ya dzenjelo. Dashibodi imathera pomwepa: imaonetsa kuti kwagwa, osati chomwe chagwetsa. Foni imodzi kwa woyang'anira depoti ya Mzuzu ndiyo ikuulula kuti mafuta ophikira anatha kwa masiku asanu ndi limodzi pakati pa mwezi, ndipo girafu ya patsiku ya depotiyo ikutsimikiza, popeza mzere wa mafuta ukugona pansi m'masiku omwewo. Manijala amene walandira nambala yopanda chifukwa chake amayankha ndi funso, ndipo imelo yaifupi ija imasanduka makalata asanu obwezana.

Palinso kuyerekeza ndi mwezi womwewo chaka chatha, komwe madashibodi amakonda kukuonetsa mobiriwira. Febuluwale 2024 kampaniyi inagulitsa K200 miliyoni, choncho tsamba likuti malonda akwera ndi 22.4 peresenti. Koma makatoni omwe anatuluka atsika kuchoka pa 20,000 kufika pa 19,200. Ndalama zachuluka chifukwa mitengo yakwera, osati chifukwa anthu agula kwambiri. Kumene mitengo imasintha pafupipafupi, ngati ku Malawi komwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chiwerengero cha ndalama chopanda cha makatoni pambali pake sichiuza manijala kanthu kodalirika.

Zitatha izi, kusankha zithunzi sikuvutanso. Dashibodi itha kukhala ndi magirafu khumi, koma imelo ikufuna awiri: ya madepoti atatu ndi ya patsiku ya Mzuzu. Pa Windows, `Windows + Shift + S` imalola munthu kukokera bokosi pambali yokhayo yomwe akuifuna. Pa Mac ndi `Command + Shift + 4`. Kujambula sikirini yonse n'kulakwitsa pawiri. Mamanijala ambiri amawerenga imelo pafoni ali m'galimoto kapena pakati pa misonkhano, ndipo tsamba lonse likafinyidwa kuti likwane pafoni manambala amasanduka madontho. Komanso chithunzi chotere chimatenga zomwe sizinafunike: mayina a makasitomala angongole, phindu la pa katundu aliyense, ngakhale mitu ya masamba ena otsegula pamwamba. Imelo imatumizidwa kwina mosavuta, ndipo chithunzi chomwe chalowa pagulu la WhatsApp la ogulitsa sichibwereranso. Kudula mopyola muyeso nakonso n'koipa. Mutu wa girafu, masiku omwe yatenga, sefa yomwe yayatsidwa ndi manambala a m'mbali ziyenera kutsala m'chithunzimo. Pa zilembo zing'onozing'ono, PNG imasunga m'mphepete mwa manambala mooneka bwino kuposa JPEG, yomwe imawachititsa chimbuuzi. Kujambula sikirini ndi kamera ya foni ndiye ayi ndithu.

Manambala a m'mbali aja ali ndi msampha wawo. Excel ikaona kuti ziwerengero zayandikana, imadzisankhira yokha kuti muyeso usayambire pa ziro. Pa girafu ya mizati iwiri ya 250 ndi 244.8, muyeso utha kuyambira pa 242. Mzati wa Januwale umatalika ndi magawo 8, wa Febuluwale ndi magawo 2.8, ndipo diso limaona ngati malonda atsala gawo limodzi mwa atatu, pomwe kusiyana kwenikweni n'kwa 2.1 peresenti. Girafu yotere ikonzedwe isanajambulidwe, poika ziro pa `Minimum` mu `Format Axis`, kapena isiyidwe kunja.

Imelo yake itha kuoneka chonchi. Pamutu: "Malonda a Febuluwale 2025: K244.8 miliyoni, Mzuzu yatsika ndi 19 peresenti". M'kati mwake:

"Bwana, mu Febuluwale tagulitsa K244.8 miliyoni popanda VAT, poyerekeza ndi K250 miliyoni mu Januwale. Febuluwale anali ndi masiku 24 ogulitsa, Januwale 25, choncho patsiku takwera kuchoka pa K10 miliyoni kufika pa K10.2 miliyoni.

Blantyre ndi Lilongwe zakwera pang'ono, koma Mzuzu yatsika ndi K9 miliyoni (chithunzi 1). A ku depoti akuti mafuta ophikira anatha kwa masiku asanu ndi limodzi, ndipo malonda a patsiku akuonetsa zomwezo (chithunzi 2).

Poyerekeza ndi Febuluwale chaka chatha ndalama zakwera ndi 22.4 peresenti, koma makatoni atsika ndi 4 peresenti.

Ndikupempha chilolezo chanu choti sabata ino titumize mafuta owonjezera ku Mzuzu kuchokera ku Lilongwe. Ziwerengerozi ndi za pa 4 Malichi, 8 koloko m'mawa, ndipo zagwirizana ndi za ku akaunti. Zikomo."

Nambala iliyonse yofunika yalembedwa m'mawu, osasiyidwa m'chithunzi chokha. Zifukwa zake n'zomveka: pomwe intaneti ili yofooka zithunzi zimachedwa kutsika, ndipo patapita miyezi itatu manijala akamafufuza m'bokosi lake la maimelo, mawu olembedwa ndi omwe amapezeka msanga. Chiganizo cha mafuta chasiyanitsa zomwe a ku depoti anena ndi zomwe dashibodi yaonetsa, chifukwa umboni wake si wofanana, ndipo ngati chifukwacho chikanakhala chongoganizira, imelo ikanayenera kutero poyera. Pempho lili limodzi, lomwe manijala atha kuliyankha ndi "eya" kapena "ayi" ali pafoni pomwepo.

Zithunzi ziikidwe m'kati mwa imelo, chilichonse pansi pa ndime yake, ndi mzere umodzi wonena dera, masiku ndi sefa. Kuzimata padera ngati mafayilo otchedwa `Screenshot 1` ndi `Screenshot 2` kumapatsa wowerenga ntchito yotsegula ndi kulumikiza yekha. Ngati manijala ali ndi chilolezo cholowera padashibodi, linki yake iikidwe kumapeto. Atha kupeza manambala osiyana pang'ono akaitsegula mawa lake, chifukwa katundu wobwezedwa ndi mainvoisi okonzedwa amapitiriza kulowa, ndipo n'chifukwa chake tsiku ndi ola lojambulira zimalembedwa mu imelo. Ngati kusinthako kwakula mpaka kukhudza chigamulo chomwe chinapemphedwa, wolemba amatumiza imelo yachiwiri pansi pa yoyamba yomweyo, yonena nambala yakale, yatsopano ndi chomwe chasintha.