Chifukwa chake sikirini imazima foni ikafika pa tsaya

Munthu ali mkati mokambirana nkhani yofunika pa foni, mwina ya malonda kapena ya wodwala kumudzi, mwadzidzidzi kumangoti zii. Akayang'ana amapeza kuti foni yaduka, kapena kuti batani lotseka mawu ladinidwa iye osadziwa. Kwa ena vuto limakhala losiyana: akangoimba, sikirini imachita mdima ndipo imakana kuyakanso ngakhale foni itachoka pa khutu, mayunitsi nkumangotha chifukwa palibe podulira. Ambiri amafulumira kuloza chala netiweki, chonsecho mavuto awiriwa kawirikawiri amachokera pa kachipangizo kamodzi kakang'ono kotchedwa sensa, kamene kamazindikira ngati chinthu chayandikira foni.

Gwero la nkhaniyi ndi galasi la foni lenilenilo. Galasi la mafoni amakono limamva kusintha kwa mphamvu ya magetsi kumene kumachitika khungu la munthu likaligunda, ndipo silitha kusiyanitsa chala ndi tsaya kapena khutu. Choncho tsaya likakhudza pamene pali batani lofiira, foni imatenga ngati mwini wake wafuna kudula. Pofuna kupewa zimenezi, opanga mafoni anakonza kuti pa nthawi yolankhula, sikirini izizima ndi kuleka kumva kukhudza foni ikangoyandikira nkhope. Kuzimako kumathandizanso kusunga batire. Motero mdima umene umabwera foni ikafika pa khutu si chizindikiro cha kuwonongeka. Vuto limakhalapo mdimawo ukalephera kubwera, kapena ukakana kuchoka.

Sensayi imakhala kumtunda kwa foni, pafupi ndi kasipika komvera ndi kamera ya kutsogolo. M'mafoni ambiri ili ndi tizigawo tiwiri. Koyamba ndi kababu kotulutsa kuwala kwa infuraredi, kumene maso a munthu sakuona, kofanana ndi kumene rimoti imatumiza ku wailesi ya kanema. Kachiwiri ndi kadiso kolandira kuwalako. Pakakhala kuti patsogolo palibe kanthu, kuwalako kumangopita osabwerera. Nkhope ikafika pa mtunda wa masentimita pafupifupi 5 kapena kucheperapo, kuwala kumagunda khungu nkubwerera, kadiso kaja kamakulandira, ndipo foni imazimitsa sikirini. Uthenga umene sensa imapereka kawirikawiri umangokhala wa mitundu iwiri: pafupi kapena patali.

Podziwa zimenezi, nkosavuta kumvetsa chimene chimachititsa sikirini kukana kuyaka. Chilichonse chobweza kuwala chili pagalasi pomwepo chimanamiza sensa kuti nkhope idakali pafupi. Fumbi losakanikirana ndi thukuta kapena mafuta odzola limatha kuchita zimenezi. Chimodzimodzinso galasi lotetezera sikirini, makamaka lija la mkombero wakuda limene silinadulidwe molingana ndi mtundu wa foniyo, komanso kavala yophimba m'mphepete mwa kumtunda. Ming'alu ya galasi ikadutsa pa sensa imamwazanso kuwala nkukubwezera mkati.

Vuto linalo, la sikirini yoyaka foni ili pa tsaya, limadza kuwala kukalephera kubwerera mokwanira. Tsitsi lakuda kapena mpango wakuda umatha kumeza kuwala kwina mmalo mokubweza. Kagwiridwe nakonso kali ndi mbali yake: munthu akapana foni ndi phewa uku manja akugwira ntchito ina, kumtunda kwa foni kumapendekeka nkuchoka pa khutu, sikirini imayaka, ndipo tsaya limayamba kudina mabatani. Nthawi zina cholakwika chimakhala mu pulogalamu yoyendetsa foni. M'chaka cha 2010 ogula iPhone 4 ambiri anadandaula kuti matsaya awo ankadula foni, ndipo kampani ya Apple inatulutsa iOS 4.1 mu Seputembala chaka chomwecho yokhala ndi zokonza vutolo.

Palinso mafoni amene alibiretu kababu ka infuraredi. Pofuna kukulitsa sikirini kapena kuchepetsa mtengo, makampani ena amagwiritsa ntchito njira zina. Foni ya Xiaomi Mi Mix ya m'chaka cha 2016 inkagwiritsa ntchito mafunde a mawu osamveka m'makutu a munthu, pamene mafoni ena a Samsung a gulu la Galaxy A amaganizira kuti foni yafika pa khutu poona mmene yanyamulidwira ndi mmene galasi lakhudzidwira. Mafoni otere amasokonezeka mosavuta munthu akamalankhula atagona chammbali, chifukwa kunyamuka kumene amayembekezera sikuchitika. Apa kupukuta galasi sikuthandiza kwenikweni. Chothandiza ndi kuika foni moongoka pa khutu ndi kulandira zokonza za pulogalamu zikatuluka.

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje mu msika wa Limbe amene foni yake inagwa nkusweka. Wokonza mafoni waikamo sikirini yatsopano ndi galasi lotetezera pamwamba pake. Kuyambira tsiku limenelo, akangoimbira kasitomala sikirini imazima ndipo siyakanso mpaka winayo atadula. Choyamba kuchita ndi kupukuta kumtunda kwa foni ndi kansalu kofewa kouma, kuvula kavala, kenaka kuimba foni ili patebulo. Sikirini iyenera kukhala yoyaka, kuzima chikhatho chikaphimba kumtunda, nkuyakanso chikachotsedwa. Kuyesaku kuchitike sipika yaikulu ili yozima ndiponso popanda mahedifoni, poti mafoni ambiri salabadira sensa zinthu zimenezi zikamagwira ntchito.

Ngati mdima ukupitirira, galasi lotetezera lija limatulidwe nkuyesanso. Vuto likatha pamenepo, ndiye kuti pakufunika galasi lina lokhala ndi mpata pa sensa. Likapitirirabe, m'mafoni ambiri a Samsung mwini foni angathe kuona yekha zimene sensa ikunena polemba nambala iyi pamalo oimbira:

```
*#0*#
```

Pa mndandanda umene umatuluka asankhe Sensor, ndipo manambala a pa Proximity Sensor ayenera kusintha dzanja likayandikira ndi likachoka. Akangokhala pamodzimodzi, cholakwika chili mkati mwa foni. Kawirikawiri kamakhala kamphira kakang'ono kamene kamalekanitsa kababu ndi kadiso kaja: kakatayika kapena kukhala mokhota posintha sikirini, kuwala kumadumphira ku kadiso kusanatuluke nkomwe. Mayiyo ayenera kubwerera kwa wokonza uja nkumuuza mwachindunji kuti aone kamphira ka sensa, mmalo molipiranso sikirini ina. Nchifukwa chake nkwanzeru kuyesa kuimba munthu asanachoke pa benchi ya wokonza.

Komabe si kuduka kulikonse kumene kumachokera ku sensa. Mafoni a Android ali ndi chosankha chotchedwa Power button ends call pansi pa Accessibility. Chikakhala choyatsidwa, chala chikangodina batani la m'mbali foni imaduka, ngakhale kwa amene sensa yake yaumira pa mdima ndi njira yabwino yodulira podikira kukonzetsa. Kusiyanitsa sensa ndi netiweki nakonso nkosavuta. Netiweki ikamavuta, mawu amayamba kudukaduka ndipo foni imaduka ngakhale polankhula pa sipika yaikulu. Koma ngati imaduka pokhapokha ili pa tsaya, ndipo poichotsa pamapezeka manambala odinidwa kapena mawu otsekedwa, pofunika kuyang'ana ndi kumtunda kwa galasi.